Ndime ya Mphindi 25, Foni Idikire Kaye

Ambiri a ife amene tinadzera m'sukulu zasekondale zampingo zogonera komweko tinaleredwa ndi zinthu ziwiri: belu ndi lamulo loletsa foni. Belu linkatiuza kuti phunziro la mphindi 40 layamba, linkatiuzanso kuti latha. Linkatiitanira ku pulepu madzulo, n'kudzatimasula nthawi yogona. Tinkalidandaula, koma linkatigwirira ntchito yaikulu imene sitinkaiona. Linkatidulira tsiku m'zigawo zoti mutu ungathe kuzisenza, ndipo pakati pa zigawozo linkatipatsa mpata wopuma umene unali ndi poyambira ndi pothera.

Kuno ku koleji palibe amene amatiimbira belu lowerengera. Foni nayo si yoletsedwa, ndipo sitingaitaye ngakhale titafuna. Notsi za aphunzitsi zimabwera pa gulu la kalasi la WhatsApp. Kusintha kwa nthawi ya phunziro kumalengezedwa pomwepo. Ndalama ya sopo yochokera kumudzi imafikira momwemo. Choncho malangizo akuti "ingozimitsani foni muziwerenga" satithandiza kwenikweni, chifukwa buku lathu ndi chosokoneza chathu zili m'chikwama chimodzi. Chimene taona kuti chimathandiza ndi kudziimbira tokha belu: kuwerenga m'zigawo zazifupi zoyezedwa, kupuma pa nthawi yokonzeratu, ndi kupatsa foni nthawi yakeyake kuti isamalowerere pa nthawi ya zina.

Tisanafike pa njirayo, ndi bwino tione chimene chimatumiza dzanja ku foni. Ife ophunzira zauphunzitsi tinakumana kale ndi B.F. Skinner m'phunziro la kaganizidwe ndi kaphunziridwe ka ana. Iye ankayesa nkhunda zimene zinkajompha kabatani kuti zipeze chakudya. Anapeza kuti nkhunda imene chakudya chimaigwera mosadziwika nthawi yake, ulendo uno chilipo, ulendo wina palibe, ndi imene imajompha mosalekeza, ndipo imachedwa kusiya ngakhale chakudya chitaleka kubwera. Foni imatipatsa mphoto mwa njira yomweyo. Tikaitsegula kakhumi, mwina kasanu ndi kanayi timapeza zopanda pake, koma ulendo umodziwo timapeza uthenga wosangalatsa kapena nkhani yofunika. Ulendo umodzi umenewo ndi wokwanira kuti dzanja lizibwererako lokha. Ichi si chizindikiro cha ulesi kapena kupanda khalidwe. Ndi mmene chizolowezi chimamangikira mwa munthu aliyense, n'chifukwa chake kungolonjeza mumtima kuti "lero sindiigwira" sikukhalitsa.

Wina anganene kuti kusuzumira uthenga kumangotenga masekondi khumi, nanga vuto lili pati? Vuto silili pa masekondi khumiwo koma pa zimene zimatsalira m'mutu. M'chaka cha 2009 wofufuza wina dzina lake Sophie Leroy anasonyeza kuti munthu akachoka pa ntchito ina kupita pa ina, mbali ya maganizo ake imatsalira pa yoyambayo, makamaka ngati sanaimalize. Uthenga wa pa foni nthawi zambiri umakhala nkhani yosatha. Mnzathu wafunsa funso ndipo sitinayankhe, kapena tayankha ndipo tikudikira kuti ati chiyani. Maso abwerera pa tsamba, koma mutu ukadali kukonza yankho. M'chaka cha 2015 ofufuza a pa yunivesite ya Florida State ku America anapezanso kuti kungomva foni ikulira kapena kunjenjemera, popanda kuigwira n'komwe, kunkachititsa ophunzira kulakwitsa kwambiri ntchito yofuna chidwi. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kwa ife kugwa chagadako kumaoneka chonchi: takhala mu laibulale maola atatu, tatopa ndithu, koma wina atatifunsa zimene tawerenga tingangotchula mutu wa nkhani basi.

Njira imene tikuikamba inayambitsidwa ndi wophunzira ngati ife. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Francesco Cirillo wa ku Italy anali pa yunivesite ndipo kuwerenga kunkamukanika. Anatenga kawotchi ka kukhitchini koyezera nthawi yophika, kooneka ngati phwetekere, n'kudziyesa ngati angathe kuwerenga mphindi 10 zokha osasokonezeka. Pachitaliyana phwetekere ndi pomodoro, ndipo njirayo imadziwika ndi dzina limenelo mpaka lero. Atayesayesa, anakhazikika pa dongosolo ili: mphindi 25 za ntchito imodzi yokha, kenako mphindi 3 mpaka 5 zopuma, ndipo zigawo zinayi zikakwana, kupuma kotalikirapo kwa mphindi 15 mpaka 30.

Ife chigawo chimodzi cha mphindi 25 timachitcha ndime, monga ya kumunda. Amene analimapo amadziwa kuti munthu salowa m'munda n'kunena kuti lero ndilima munda wonse. Amayamba wadula ndime, mizere yakuti mpaka pa chulu paja, ndipo akaikwanitsa amaweramuka. Dzinali limatikumbutsa kuti chigawo chilichonse chimafuna malire awiri. Oyamba ndi a nthawi. Achiwiri ndi a ntchito, ndipo ayenera kulembedwa papepala tisanayambe. "Kuwerenga saikoloje" si ndime, ndi munda wonse. "Masamba 1 mpaka 6, ndi kulemba mafunso atatu ochokera m'masambawo" ndiye ndime.

Titenge chitsanzo chimene ambiri a ife tachidutsa. Ndi Lachiwiri madzulo, ndipo Lachinayi kuli mayeso a pakati pa semesita pa zimene Jean Piaget anaphunzitsa za magawo anayi a kakulidwe ka nzeru za mwana. Notsi zake ndi masamba 18, ndipo zili pa foni. Tili ndi nthawi kuyambira 7 koloko mpaka cha m'ma 9.

Ntchito imayamba 6:50, osati 7 koloko. Mphindi khumi zimenezi ndi za foni. Timatsegula gulu la kalasi, kuona ngati pali chilengezo, ndi kutsitsa notsi zija kuti zikhale mu foni momwemo, zotsegulika popanda intaneti. Timayankha mauthenga amene akudikira kuti asatitsate m'mutu. Amene timacheza nawo kawirikawiri timawauza kuti tipezekanso 9 koloko. Kenako timazimitsa deta. Ngati kunyumba kulibe chodetsa nkhawa, timayatsa Airplane mode ndipo zonse zimatsekeka. Koma ngati amayi akudwala kapena tikuyembekeza foni yofunika, Do Not Disturb ndi imene ili bwino, chifukwa imalola kusankha manambala ochepa amene angathe kutipeza pamene ena onse ali chete. Munthu amene akuopa kuti aphonya uthenga wa matenda sangawerenge, choncho khomo limodzi limeneli liyenera kukhala lotsegula. Pomaliza timaika pambali pathu pepala lopanda kanthu ndi cholembera, n'kutchera alamu ya mphindi 25.

Ndime yoyamba, 7:00 mpaka 7:25, ndi masamba 1 mpaka 6: mwana kuyambira kubadwa mpaka zaka ziwiri, amene amaphunzira dziko pogwira, kuyamwa ndi kuona, ndiponso mmene amadzazindikirira kuti chinthu chikabisika sikuti chatha. Popeza notsi zili pa foni, timalemba mfundo zathu m'kope, kuti dzanja likhale ndi cholembera osati kumangoseweretsa galasi. Chilakolako chotuluka mu notsi chikabwera, ndipo chimabwera ndithu, sitilimbana nacho. Timangolemba kamzere kamodzi pa pepala lija. Ngati ndi chinthu chenicheni chimene takumbukira, monga kufunsa mnzathu za buku limene anabwereka, timachilemba m'mawu atatu kapena anayi n'kubwerera pa tsamba. Mutu ukaona kuti nkhaniyo yasungidwa penapake, umaleka kuibwereza. Cirillo mwiniwake ankalangiza kulemba zosokoneza mwa njira yotere.

Alamu ikalira 7:25 timaima, ngakhale pakati pa tsamba, n'kuika chizindikiro pamene tafika. Ndime yachiwiri, 7:30 mpaka 7:55, ndi masamba 7 mpaka 12: zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri, pamene mwana amakhulupirira kuti madzi achuluka chifukwa chakuti athiridwa m'kapu yaitali yopyapyala. Ndime yachitatu, 8:00 mpaka 8:25, imamaliza magawo awiri otsalawo. Ndime yachinayi, 8:30 mpaka 8:55, ndi yosiyana ndi zinzake. Foni imalowa m'chikwama, kope limatsekedwa, ndipo pa pepala latsopano timalemba kuchokera m'mutu magawo onse anayi, zaka zake, ndi chitsanzo chimodzi cha m'kalasi pa gawo lililonse. Kenako timayankha mafunso amene tinadzilembera m'ndime zoyamba zija. Apa ndi pamene timadziwira ngati tawerengadi kapena maso amangoyenda. Pofika 8:55 tagwira ntchito mphindi 100 zenizeni m'nthawi yosakwana maola awiri, ndipo tili ndi pepala losonyeza zimene zalowa ndi zimene zikufunika kubwereza mawa.

Tadumpha mwadala mphindi zisanu za pakati pa ndimezo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Anthu ambiri akamva za njirayi amaganiza kuti chovuta ndi kupirira mphindi 25. Ife taona kuti mphindi 25 zimapiririka, koma njirayi imafera pa mphindi zisanu zopuma. Alamu ikalira, maganizo oyamba amakhala akuti tagwira ntchito, tiyenera kalandira kamphoto, ndipo kamphoto kali pafupi ndi foni. Koma zimene zili pa foni sizinapangidwe kuti zithe m'mphindi zisanu. Kanema wamfupi akatha, wina amayamba yekha. Macheza a pa gulu alibe pothera. Ngakhale munthu atakwanitsa kuiika pansi pa nthawi yake, amalowa m'ndime yotsatira atanyamula zotsalira zija Leroy anazifotokoza: nkhani itatu yosatha, yonse ikuitana. Komanso maso amene akhala pa galasi mphindi 25 sanapume ngati apitiriza kuyang'ana galasi lomwelo.

Choncho lamulo lathu ndi lakuti kupuma kwakufupi n'kwa thupi, kupuma kwakutali n'kwa foni. Pa mphindi zisanu zija timaimirira, kumwa madzi, kudziwongola, kutuluka pakhonde ndi kuyang'ana patali. Deta imakhala yozimitsa. Zinthu zimenezi zili ndi ubwino umodzi waukulu: zimatha zokha. Kapu ya madzi ikatha yatha, siibweretsa ina. Ndipo kukonzeratu chochita n'kofunika, chifukwa munthu amene waimirira osadziwa kuti achite chiyani amapezeka foni ili kale m'manja.

Ndiyeno 8:55 ikakwana, foni imalandira nthawi yake yonse, mphindi 20, popanda kudziimba mlandu. Timayamba tatchera alamu ya 9:15, kenako n'kuyatsa deta. Timatenga pepala lija n'kuchita zimene tinalemba: kufunsa za buku, kuyankha achemwali, kuona gulu la kalasi. Chodabwitsa n'chakuti pa zinthu zisanu zimene zinkaoneka zachangu 7:15, mwina ziwiri zokha ndi zimene zimaonekabe zofunika. Nthawi imeneyi siyenera kuchotsedwa poganiza kuti tikhala akhama kwambiri. Ndi imene imachititsa kuti kudikira kutheke. Kuuza mtima kuti "ayi" kumayambitsa mkangano, koma kuuuza kuti "9 koloko" kumauthetsa. Mwana amene wauzidwa kuti nsima ipsa posachedwa, ndipo akuona mphika uli pamoto, salira ngati amene sakudziwa ngati kudya kuliko.

Zosokoneza zina sizichokera mu foni. Ku hositelo mnzathu amalowa ndi nkhani, kapena akufuna kubwereka chaja. Apa chikhalidwe chathu chimatiyesa, chifukwa kunyalanyaza munthu amene wakupeza ndi mwano. Sitimunyalanyaza. Timamuuza nthawi yeniyeni: "Aise, ndipatse mphindi khumi ndi ziwiri, ndikupeza." Ndipo alamu ikalira timamupezadi. Anzathu akaona kawiri katatu kuti lonjezolo limasungidwa, amazolowera kudikira. Ngati nkhaniyo ndi yosadikirika, timaimirira n'kupita, koma ndime imeneyo sitiiwerengera. Lamulo la Cirillo linali lakuti chigawo sichigawika: palibe theka la ndime. Likuoneka louma, koma limateteza chiwerengero chathu kuti chizinena zoona. Munthu akanena kuti lero ndalima ndime zinayi, zikhale zinayi zathunthu.

Pepala la timizere lija ndi limene limatiuza ngati njirayi ikugwira, ndiponso pamene yapindika. Ndi bwino kulisunga sabata yonse, tsiku lililonse ndi mzere wake. Ngati Lolemba ndime yoyamba inali ndi timizere tisanu ndi tiwiri ndipo Lachinayi ili ndi titatu, zikuyenda. Ngati timizere tikuchuluka kumapeto kwa ndime iliyonse, ndiye kuti mphindi 25 zatitalikira pakali pano. Titsike pa 15, tikhazikike masiku angapo, kenako tikwere. Palibe chamanyazi pamenepo, poti mwini njirayo anayambira pa 10. Ngati timizere taunjikana pa tsamba limodzi, vuto si foni ayi. Pamenepo pali chinthu chimene sitinachimvetse, ndipo dzanja likuthawira ku foni pothawa kuvutikako. Mankhwala ake ndi kulemba funso lenileni, monga "kodi kusintha zimene mwana akudziwa kale kukusiyana bwanji ndi kungowonjezerapo zatsopano?", n'kukalifunsa kwa mnzathu kapena kwa aphunzitsi mawa. Ndipo ngati katatu konse ndime yatha tisanafike pa tsamba limene tinalemba, ndiye kuti timadula ndime zazikulu. Masamba sikisi a Piaget si ofanana ndi masamba sikisi a masamu. Pakatha sabata ziwiri munthu amadziwa liwiro lake pa phunziro lililonse, ndipo amatha kunena kuti mutu uwu ukufuna ndime zisanu, choncho sungayambidwe usiku woti mawa ndi mayeso.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Nambala ya 25 si lamulo la chilengedwe. Ndi imene inamuyendera bwino munthu mmodzi n'kuyenderanso ena ambiri. Imakwanira bwino pa kuwerenga notsi, kuloweza, ndi kuyamba ntchito imene takhala tikuizengereza. Koma polemba asayimenti yaitali kapena pokonza dongosolo la phunziro limene tikaphunzitse, nthawi zina alamu imalira pamene maganizo angoyamba kumene kuyenda. Ntchito zotere timazipatsa mphindi 45 kapena 50, ndi kupuma kwa mphindi 10. Chofunika n'chakuti utali wa ndime usankhidwe tisanayambe, osati pakati, chifukwa munthu wotopa amadziweruza mokondera. Sitiyeneranso kuyembekeza ndime khumi ndi ziwiri pa tsiku lodzaza ndi maphunziro. Zinayi kapena zisanu ndi imodzi zathunthu ndi tsiku labwino. Ndipo palibe alamu imene ingalowe m'malo mwa tulo. Ngati pa ndime yachitatu tikuwerenga mzere umodzi katatu mutu ukugwa, chofunika si ndime yachinayi koma bedi, foni ili patali ndi pilo.

Pali chinthu chinanso chimene chimavuta: alamu yomwe ili mu foni. Kuizimitsa kumafuna kuigwira, ndipo kuigwira ndi theka la ulendo. Amene ali ndi wotchi ya pamkono ali ndi mwayi, angolemba papepala nthawi yothera ndime n'kumayang'ana pamenepo. Ena timawerenga awiriawiri kapena anayi pa tebulo limodzi. Mmodzi yekha ndi amene amasunga nthawi, ndipo mafoni a enawo, ngati notsi zili m'kope kapena zosindikiza, amalowa m'chikwama chimodzi pansi pa tebulo. Mu laibulale alamu silira, wosunga nthawiyo amangogogoda tebulo pang'ono. Pagulu potere ndime imalimba, chifukwa palibe amene amafuna kukhala woyamba kuweramira chikwama. Koma pamafunika pangano lina: mphindi zisanu zopuma zisasanduke bwalo la nkhani, poti macheza a pakamwa nawonso sadziwa kutha. Wosunga nthawi akagogoda kachiwiri, nkhani imaimira pomwepo.

Zonsezi zili ndi mtengo wake weniweni. Ambiri a ife fizi yathu inachokera m'matumba a chimanga, mtedza kapena soya amene wina anagulitsa. Phunziro limodzi tikalilephera, ndiye kubwereza mayeso kapena kubwereza phunziro lonse, ndipo ndalama yake idzachokeranso m'munda womwewo. Komanso posachedwa tidzaima kutsogolo kwa ana a fomu 1 n'kuwapempha kuti atimvetsere mphindi 40. Mphunzitsi amene anayezapo chidwi chake ndi timizere papepala amadziwa kuti mphindi 40 sizimezedwa nthawi imodzi. Adzafotokoza pang'ono, apatse ana chochita ndi manja awo, awafunse atatseka makope, kenako apitirize. Adzadziwanso kuti mwana amene wayamba kuyang'ana pawindo mwina si wamwano, koma wafika pa tsamba limene silikumveka.

Mayeso akubwerawa, ndime yoyamba isadikire tsiku limene tidzakhale ndi mtima wowerenga. Imangofuna masamba otchulidwa manambala ake, pepala lopanda kanthu, deta yozimitsa, ndi ola lolembedwa limene foni idzayatsidwenso. Amene akutifuna atipeza 9 koloko.